Mwana Akakumana ndi Galu, Aime Ngati Mtengo

Mwana wa zaka zinayi akaima pafupi ndi galu wamkulu, nkhope yake imalingana ndi kamwa la galuyo. Ndi chifukwa chake ana aang'ono amalumidwa kumaso, kumutu ndi m'khosi, pomwe akuluakulu amalumidwa m'manja ndi m'miyendo. Ndipo kawirikawiri woluma sakhala galu wachilendo, amakhala wa pakhomo kapena wa anansi, amene mwanayo anamuzolowera.

Mawu akuti "usamaope galu" sathandiza mwana. Mantha akamugwira, miyendo imayamba yokha liwiro, ndipo galu mwachibadwa amathamangitsa chilichonse chothawa. Mwana akamakuwa uku akuponya manja, galu amatenthedwa kwambiri. Choncho chofunika ndi kuphunzitsa thupi la mwanayo chochita, ndipo izi zimatheka pobwereza ngati masewera.

Yambani galu palibe. Mwana aime njii, mapazi pamodzi, manja awapinde pachifuwa, maso ayang'ane zala zake za kumapazi, pakamwa tseke. Inuyo khalani galu: muzungulireni mukukwawa, muuwe, mumununkhize m'miyendo. Iye aziwerenga chamumtima mpaka muchoke. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana, koma muzibwereza masiku angapo pa sabata kufikira atamaima yekha mukangoti "galu uyo!" Akazolowera, onjezani gawo lachiwiri: akagwetsedwa, adzipinde ngati bongololo, mawondo pachifuwa, nkhope pansi, manja ataphimba makutu ndi khosi.

Tiyerekeze kuti mwana akuyenda ali ndi chakudya m'manja, galu n'kutulukira akuthamanga. Ana ambiri amakweza dzanja m'mwamba kuti abise chakudyacho, ndiye galu amalumphira dzanjalo, mano n'kukathera kumaso. Mwana wophunzitsidwa amaponya chakudyacho pambali, n'kuima ngati mtengo. Galu amadya kapena kununkhiza, kenako amatayako chidwi. Apo m'pamene mwana angabwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, osam'patsa msana galuyo komanso osamuyang'ana m'maso, chifukwa kwa galu kuyang'anitsitsa ndi kuputa ndewu. Muuzeni mwana pasadakhale kuti simudzamukalipira chifukwa chotaya chakudya, apo ayi adzachikakamira.

Pakhomo, lamulo likhale lalifupi: galu akamadya, akagona, akakhala ndi tiana take, akamangidwa kapena akadwala, sagwidwa. Kukumbatira galu m'khosi, kum'psompsona ndi kum'kwera pamsana kulekeke, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani. Mwana akafuna kusisita galu, apemphe kaye kwa mwini wake, adikire galuyo abwere yekha, am'sisite pachifuwa kapena paphewa, osati pamutu. Awerenge mpaka katatu n'kuchotsa dzanja. Galu akasendera pafupi, akufuna zina. Akachoka, asiyidwe.

Kuwerenga zizindikiro za galu ndi ntchito ya inu akuluakulu, chifukwa mwana wosakwana zaka zisanu sangathe, ndipo asasiyidwe yekha ndi galu ngakhale kamphindi. Galu amene watopa ndi mwana amayamba kuyasamula, kunyambita mphuno, kutembenuzira mutu kumbali maso akuonetsa koyera. Kenako thupi limauma gwaa, kamwa kutsekeka. Mukaona izi, muitaneni mwanayo mofatsa achoke. Kugwedeza mchira kusakupusitseni: mchira woimirira, wouma, wogwedezeka mwachangu si moni. Ndipo galu akalira chapakhosi moopseza, musamumenye. Amenewo ndi machenjezo ake, ndipo mukamuletsa, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Pali chinanso chimene makolo timalakwitsa. Mwana amene amamenyedwa chifukwa choseweretsa galu amabisa bala. Izi n'zoopsa, chifukwa chiwewe chimalowa ndi malovu a galu ngakhale pa kachilonda kongokanda, ndipo zizindikiro zake zikayamba kuoneka, munthu sapulumuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Muuzeni mwana mobwerezabwereza kuti galu akamuluma, kumukanda kapena kunyambita chilonda chake, adzakuuzeni nthawi yomweyo ndipo simudzamulanga.

Akanena, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, mukuyang'ana wotchi, chifukwa anthu ambiri amalekeza pa mphindi ziwiri. Musathirepo phulusa, tsabola kapena zitsamba, ndipo musalimange mothina. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mukafotokoze galu amene waluma komanso ngati galuyo anabayidwa katemera. Bala la kumaso kapena m'khosi lisadikire kuti kuche, chifukwa lili pafupi ndi ubongo. Achipatala akayamba katemera, mwana amalize masiku onse amene alembedwa pa khadi, ngakhale bala litapola.