Nyumba yapsa, a inshuwalansi akukana kulipira: momwe mungatsutsire

Kampani ya inshuwalansi ikakana kulipira, musakhutire ndi zomwe akuuzani pafoni. Apempheni kalata yofotokoza chifukwa chake, yotchulanso ndime ya mgwirizano wanu imene atsamirapo. Popanda kalatayi mulibe poyambira.

Kawirikawiri amati simunawauze zoona zonse. Mwina munalembetsa kuti ndi nyumba yogonamo, kenako chipinda china munachisandutsa golosale, kapena mumasungamo petulo m'zigubu. Amakananso ngati ndalama zapamwezi kapena zapachaka zinali zisanalipidwe, ngati mwachedwa kuwadziwitsa za ngoziyo, kapena akamaganiza kuti motowo unayatsidwa dala.

Pali kukana kwina kopweteka, kolipira theka. Tinene kuti nyumba munailembetsa pa K30 miliyoni, koma kampani ikuti kuimanganso lero kungadye K60 miliyoni. Moto wawononga denga ndi zipinda ziwiri, zokwana K20 miliyoni. Mapangano ambiri ali ndi ndime yoti poti munateteza theka la mtengo wa nyumba, iwonso alipira theka la zowonongeka, K10 miliyoni basi. Amene sanakwezepo mtengo wa nyumba yawo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ali pachiopsezo chimenechi. Apa chotsutsa ndi K60 miliyoniyo. Pezani katswiri wowerengera mitengo ya zomangamanga akulembereni zake. Akapeza kuti kumanganso ndi K40 miliyoni, malo osawerengera, gawo lanu likwera kufika pa K15 miliyoni.

Umboni usonkhanitseni msanga. Tengani lipoti la apolisi ndi la ozimitsa moto a khonsolo, jambulani chipinda chilichonse, ndipo musachotse zopserera woyendera wa kampani asanafike. Malisiti akapsa, sitetimenti ya ku banki kapena mauthenga a ndalama za pafoni amasonyeza kuti mumalipira. Ngati akuti munawotcha nokha, kumbukirani kuti udindo wobweretsa umboni wa zimenezo ndi wawo.

Kenako lembani dandaulo kwa akuluakulu a kampaniyo, loyankha chifukwa chawo mwachindunji. Ngati za golosale munamuuza ejenti, ikanipo uthengawo ndi tsiku lake. Pemphaninso lipoti la woyendera wawo uja. Akudindireni kope lanu posonyeza kuti alandira.

Chonde, musathamangire kusayina pepala lovomereza kuti ndalama zomwe akupatsani ndi zomaliza. Munthu amene akugona kwa abale amakopeka nazo, koma mukasayina, kudandaulanso kumavuta kwambiri.

Akakanabe kapena akangokhala chete, pitani nazo ku Banki Yaikulu ya dziko lino, popeza Gavanala wake ndiye woyang'anira makampani a inshuwalansi mwalamulo, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo otere. Nyamulani mgwirizano, kalata yokana, dandaulo lanu ndi malipoti onse.

Khoti ndi njira yotsiriza, koma onanani ndi loya nthawi ikadalipo. Mapangano ena amaika malire a miyezi yokasumira kuchokera tsiku limene anakukanirani, ndipo miyeziyo imatha inu mukudikira yankho la kampani.