Momwe mungalembere imelo kwa manijala wa banki yopempha kuti akuonjezereni nthawi yobwezera ngongole

Ngati mwaona kuti ndalama za mwezi wamawa zobwezera ngongole ya bizinesi yanu sizikwana, lembani imelo tsiku lolipira lisanafike, makamaka kutatsala masabata awiri kapena atatu. Pempho lofika akaunti ili bwino limaoneka ngati la munthu amene akudziwa mmene bizinesi yake ikuyendera, pamene lofika mutalumpha kale mwezi limapeza chindapusa chitayamba kuwerengedwa. Ngongole ikatha masiku 90 osalipiridwa, banki imaiika m'gulu la ngongole zosabwezedwa, ndipo mabanki amapereka mbiri ya ongongola ku mabungwe osunga mbiriyo, kotero kuti dzina likada ku banki imodzi, ena onse amadziwa.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi kashopu ka fotokope ndi kusindikiza ku Chikanda, komwe makasitomala ake ambiri ndi ophunzira a pa Yunivesite ya Malawi ku Chirunga. Anakongola K3,000,000 yogulira makina, yobweza m'miyezi 12, ndipo pofuna kuti masamu aphweke tinene kuti chiwongoladzanja ndi K3 pa K100 iliyonse pamwezi. Mwezi uliwonse amalipira pafupifupi K301,000. Walipira miyezi isanu ndi umodzi osaphonya, ngongole yatsala pafupifupi K1,633,000, koma ophunzira akupita kutchuthi ndipo kwa miyezi itatu shopu izingopeza za lendi ndi magetsi.

Choyamba, musanagwire foni kapena kompyuta, tulutsani kalata ya mgwirizano imene munasaina potenga ngongole. Muli nambala ya ngongole, tsiku lolipira, chindapusa cha kuchedwa ndi chikole chimene munapereka. Pemphaninso sitetimenti kunthambi kuti mudziwe ndalama yeniyeni yotsala, chifukwa manambala ongoganizira amachotsa chikhulupiriro msanga.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, sankhani chinthu chimodzi chimene mukupempha. Mawu akuti "ndithandizeniko, zinthu zavuta" manijala alibe nawo pogwira, pakuti nthawi zambiri iye sagamula yekha koma amatumiza pempho kwa oona za ngongole, amene amafuna miyezi ndi ndalama zolembedwa. Mayi wathu ali ndi njira ziwiri. Angapemphe kuti kwa miyezi itatu azilipira chiwongoladzanja chokha, chomwe ndi pafupifupi K49,000 pamwezi, kenako n'kubwerera pa K301,000 kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsala. Njira imeneyi imuonjezera pafupifupi K147,000 pa zonse zimene akadalipira. Kapena angapemphe kuti K1,633,000 ija igawidwenso m'miyezi 12, azilipira pafupifupi K164,000 pamwezi, ndipo mtengo wake ndi K160,000 yoonjezera. Kwa iye njira yoyamba ndiyo yoyenera, chifukwa vuto lake lili ndi tsiku lothera, ndipo K164,000 m'nyengo ya tchuthi ikhoza kumukanikabe. Njira yachiwiri ndi ya munthu amene malonda ake atsika ndithu ndipo sakuyembekezera kuti abwerera mwakale posachedwa. Kupempha kuti musalipire kalikonse ndimakuona ngati nzeru yotsiriza, poti chiwongoladzanja sichiima, chimangounjikana pamwamba pa ngongole.

Chachitatu ndi kulemba. Pamutu pa imelo ikani pempho ndi nambala ya ngongole, kuti ngakhale wina ataitumiza ku ofesi ina aidziwe osaitsegula. Makalata ambiri a ku banki amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngati nthambi yanu imafuna chomwecho, mfundo ndi dongosolo lake n'zomwezi. Imelo ya mayi uja ingakhale motere:

Mutu: Pempho loonjezera nthawi yobwezera ngongole nambala (lembani nambala)

Okondedwa Bwana Manijala,

Ndine mwini wa shopu ya fotokope ku Chikanda, ndipo ndili ndi ngongole ya K3,000,000 ku nthambi yanu ya Zomba, imene ndakhala ndikubweza K301,000 mwezi uliwonse kuyambira Febuluwale mpaka Julayi osaphonya. Malinga ndi sitetimenti imene ndaphatikiza, ndatsala ndi K1,633,000.

Ndikupempha kuti m'miyezi ya Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala ndizilipira chiwongoladzanja chokha, ndipo ndidzayambirenso kulipira ndalama zonse za pamwezi mu Novembala, kuti ngongoleyi idzathe mu Epulo m'malo mwa Januwale.

Chifukwa chake n'chakuti makasitomala anga ambiri ndi ophunzira, omwe akhala ali patchuthi miyezi imeneyi. Buku la malonda limene ndaphatikiza likuonetsa mmene ndalama zinatsikira pa tchuthi chapitacho ndi mmene zinakwereranso sukulu itatsegulidwa. Makina amene ndinapereka ngati chikole ali bwino ndipo mukhoza kudzawaona tsiku lililonse.

Tsiku langa lolipira ndi pa 28 Ogasiti, choncho ndingayamikire nditamva yankho tsikuli lisanafike. Ndine wokonzeka kubwera ku ofesi kwanu kudzakambirana, ndipo chonde mundiuze ngati pali ndalama ina yolipira posintha mgwirizanowu.

Ine wanu wokhulupirika,
(dzina lonse, dzina la bizinesi, nambala ya akaunti ndi ya foni)

Taonani kuti chifukwa chatenga ziganizo ziwiri zokha. Nkhani ya matenda a kumudzi, sukulu fizi ya ana ndi mavuto ena a pakhomo ikhoza kukhala yoona, koma ikachuluka imauza banki kuti ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zili m'thumba limodzi. Komanso musalonjeze mwezi umene simungaukwanitse pofuna kuoneka bwino, chifukwa pempho lachiwiri limavuta kwambiri kuposa loyamba. Ngati ophunzira akubwera pakati pa Okutobala, ndalama zokwana K301,000 zidzaoneka kumapeto kwa Novembala, osati sabata yomwe afika.

Chachinayi, phatikizani umboni: sitetimenti ya akaunti ya miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, masamba a buku la malonda, ndiponso sitetimenti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ngati makasitomala amalipira pafoni. Zijambuleni poyera bwino n'kuziika mu PDF imodzi, m'malo motumiza zithunzi khumi zosaoneka manambala. Adiresi ya imelo itengeni kunthambi kapena pa makalata a banki, ndipo musalembemo nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya pafoni, ngakhale wina atakuimbirani n'kunena kuti ndi wa ku banki.

Mukatumiza, dikirani masiku awiri kapena atatu a ntchito, kenako imbani foni kwa ofisala amene anakupatsani ngongole. Ngati kuli zii, sindikizani imeloyo, pitani nayo kunthambi, ndipo pemphani kuti adinde chidindo ndi tsiku pa kope lanu. Ngati wina anakusainirani monga wokuimirani pa ngongoleyo, muuzeni zimene mwapempha, chifukwa banki ikhoza kufuna kuti nayenso asaine.

Imelo yanu, ngakhalenso mawu a pakamwa akuti "musadandaule mayi, tiziona", sizisintha mgwirizano. Kufikira mutalandira kalata ya banki yokhala ndi ndondomeko yatsopano ya malipiro n'kuisaina, kompyuta ya banki idzayesabe kudula K301,000 pa 28 Ogasiti, ndipo ikapeza akaunti ilibe ndalama zokwana idzalemba kuti mwachedwa. Choncho ngati tsikulo layandikira yankho lisanabwere, ikani mu akaunti ndalama zimene mungathe, zosachepera K49,000 ija ya chiwongoladzanja, ndipo tumizani risiti yake poyankha pansi pa imelo yomwe ija.