Momwe mungalembere chidziwitso cha kusintha kwa nthawi yogwirira ntchito

Mu Okutobala dzuwa la kuno ku Mangochi likayamba kuswa mtengo, malo ambiri a ntchito amaganiza zoti anthu azilowa m'mamawa n'kuweruka msanga. Ganizoli ndi labwino, koma nthawi zambiri limasokonekera pa pepala lomwe limamatidwa pa bolodi. Ndidaonapo chidziwitso china chomwe chidangoti, "Ogwira ntchito nonse, dziwani kuti kuyambira mwezi wamawa nthawi yasintha." Mlonda, dalaivala ndi wosesa adaima pa bolodipo akufunsana ngati nawonso akukhudzidwa, ndipo palibe yemwe ankadziwa ngati malipiro asintha. Chidziwitso chotere chiyenera kuyankha mafunso anayi a munthu woima pa bolodi: kodi ine ndili momwemo, ndizilowa ndi kuweruka nthawi yanji, kuyambira tsiku liti, nanga ndalama zanga zikhala chimodzimodzi? Tiyeni titsate chitsanzo chongoyerekeza cha sitolo yogulitsa simenti, malata ndi zipangizo zina zomangira pa boma, yomwe ili ndi ogulitsa, osunga ndalama, onyamula katundu, wosesa, dalaivala ndi alonda.

Choyamba, musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, werengerani maola. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000 limati maola a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, ndipo munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, yemwe si mlonda kapena wogwira mosinthana, asapitirire maola 8 pa tsiku. Limatinso munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma kwa maola 24. M'sitolo yathu, nthawi yakale inali 7:30 m'mawa mpaka 4:30 madzulo kuyambira Lolemba kufika Lachisanu, ndi ola limodzi la nkhomaliro, ndiye kuti maola 8 pa tsiku kapena 40 pa masiku asanu. Loweruka ankagwira 7:30 mpaka 12:30, maola 5. Onse pamodzi anali 45.

Mwini sitolo akufuna kuti azitsegula 6:30, chifukwa amisiri ndi ogula ochokera ku Namwera ndi ku Makanjira amafuna kukweza katundu dzuwa lisanatenthe. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi anthu azigwira 6:30 mpaka 3:30, maola 8 pa tsiku, onse 32. Lachisanu kupuma kuzikhala kwa maola awiri, 11:30 mpaka 1:30, kuti opita ku mzikiti asamachite kuthamanga, choncho tsikulo likhala la maola 7. Loweruka azigwira 6:30 mpaka 12:30, maola 6. Mukaphatikiza 32, 7 ndi 6 mupeza 45, chimodzimodzi ndi kale. Kuwerengera kumeneku n'kumene kumakuonetsani chinthu chomwe chikadabisika: Loweruka lawonjezeka ndi ola limodzi, ndipo olalo lachokera ku Lachisanu. Mukapanda kunena zimenezi poyera, wina adzazitulukira yekha, ndipo adzakhulupirira kuti mumafuna kumudyera masuku pamutu.

Chachiwiri, kambiranani ndi anthuwo chidziwitso chisanatuluke. Maola a ntchito ndi chimodzi mwa zinthu zomwe lamulo limafuna kuti zilembedwe pa kalata yomwe munthu amalandira akalembedwa ntchito, choncho pepala la pa bolodi silingafufute lokha zomwe mudagwirizana. Ngati kontirakiti ya munthu idatchula 7:30 mpaka 4:30, khalani naye pansi, ndipo ngati pamalopo pali bungwe la ogwira ntchito, yambani ndi atsogoleri ake. Pokambiranapo m'pamene mumamva zenizeni. Wina amakhala kutsidya kwa mlatho wa Shire ndipo amadalira kabaza, mayi wina amayenera kusiya mwana ku sukulu ya mkaka yomwe imatsegula 7 koloko. Mwina simungathetse zonse, koma mudzadziwa zoti mulembe. Mukakayika pa za lamulo, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma lino mukafunse musanamate kanthu.

Chachitatu, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa, lembani okhudzidwa potchula ntchito zawo. Mawu akuti "ogwira ntchito onse" ndi osavuta kulemba koma kawirikawiri sakhala oona. Tengani kaundula wa malipiro, muyende dzina ndi dzina, ndipo pa munthu aliyense mudzifunse ngati nthawi yake yolowa kapena yoweruka isuntha. M'sitolo yathu mupeza magulu atatu, osati awiri. Ogulitsa, osunga ndalama ndi onyamula katundu akusinthadi. Alonda ndi dalaivala akhala momwe analili. Koma palinso wosesa, yemwe nthawi zonse amafika theka la ola sitolo isanatsegulidwe. Munthu ameneyu saganiziridwa pa msonkhano wa mabwana, komabe sitolo ikamatsegulidwa 6:30 iye ayenera kufika 6 koloko, ndipo akaiwalika n'kumaweruka limodzi ndi anzake, ndiye kuti azigwira maola 8 ndi theka pa tsiku, kupitirira malire a lamulo. Ayenera kukhala ndi mzere wakewake pa chidziwitso. Osakhudzidwa nawonso atchulidwe, chifukwa munthu akapanda kudzipeza pa pepala amayamba kuganiza zambiri, ndipo ena amafika poyesa kuti ntchito yawathera.

Tchulani ntchito, osati mayina a anthu, ndipo musalembe chifukwa cha munthu payekha. Ngati mwalola mayi uja kuti azifika 7:15 chifukwa cha mwana, imeneyo ndi nkhani ya m'kalata yake, osati ya pa bolodi pomwe ngakhale ogula amawerenga.

Chachinayi, lembani tsopano, ndipo muyambe ndi kusinthako. Mbiri ya kampani, kuthokoza ndi mawu a ulemu otalika zimakankhira nkhani pansi, pomwe munthu wowerenga ataimirira, thumba la simenti likumudikira, safika. Tsiku lilembedwe lonse, dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka, osati "sabata yamawa", chifukwa pepala limakhala pa khoma masabata angapo ndipo "yamawa" imasuntha tsiku lililonse. Nthawi iliyonse itsagane ndi mawu akuti m'mawa, masana kapena madzulo. Chidziwitso cha sitolo yathu chingaoneke motere:

CHIDZIWITSO: KUSINTHA KWA NTHAWI YA NTCHITO
Chalembedwa Lolemba, pa 22 Seputembala 2025

Kuyambira Lolemba, pa 6 Okutobala 2025, sitolo izitsegulidwa 6:30 m'mawa m'malo mwa 7:30.

Ogulitsa, osunga ndalama ndi onyamula katundu: Lolemba mpaka Lachisanu muzilowa 6:30 m'mawa ndi kuweruka 3:30 masana. Nkhomaliro ndi 12:00 mpaka 1:00 masana, koma Lachisanu ndi 11:30 m'mawa mpaka 1:30 masana. Loweruka muzilowa 6:30 m'mawa ndi kuweruka 12:30 masana.

Wosesa: muzilowa 6:00 m'mawa ndi kuweruka 3:00 masana, ndipo Loweruka muziweruka 12:00 masana. Nthawi ya nkhomaliro ndi yofanana ndi ya anzanu.

Alonda ndi dalaivala: nthawi yanu siyikusintha.

Maola a pa sabata akhalabe 45 ndipo malipiro sasintha. Lachisanu lachepa ndi ola limodzi, Loweruka lawonjezeka ndi ola limodzi. Amene wapemphedwa kupitirira nthawi yoweruka azilandira ovataimu monga kale.

Tasintha chifukwa ogula ambiri amabwera m'mamawa, komanso kuti onyamula katundu asamagwire nthawi yaitali padzuwa. Ngati nthawiyi ikuvutani, onanani ndi oyang'anira sitolo mu ofesi pasanafike Lachisanu, pa 3 Okutobala.

Pansi pake pakhale dzina la wolemba, udindo wake, siginecha ndi chidindo ngati chilipo. Onani kuti pali masabata awiri pakati pa tsiku lolemba ndi tsiku loyamba. Sindikunena kuti lamulo limalamula masabata awiri, koma ndikuona kuti ndi nthawi yokwanira kuti munthu akonze za mayendedwe ndi za pakhomo.

Mzere wa ovataimu uja musauone ngati wosafunika. Nthawi yoweruka ikasuntha, malire omwe ovataimu imayambira amasunthanso. Wonyamula katundu akatsala mpaka 4:30 Lachiwiri kuti atsitse lole ya simenti yomwe yafika mochedwa, kale limenelo linali ola la nthawi zonse, koma tsopano ndi ola lowonjezera. Malinga ndi lamulo lomwe lija, ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, pomwe logwiridwa pa tsiku lopuma la munthuyo kapena pa holide ya boma limalipidwa kawiri. Ngati malipiro ake a pa ola ndi K800, ola limenelo ndi K1,200. Wolemba malipiro auzidwe zimenezi mwapadera, apo ayi mkangano udzabuka pakutha pa mwezi.

Chachisanu ndi chilankhulo. Lembani m'Chichewa chomwe anthu amalankhula pamalopo: "muzilowa", "muziweruka", "malipiro sasintha". Pewani mawu osatchula wochita monga "kwaganiziridwa kuti" kapena "zikuyembekezeka kuti", chifukwa owerenga sadziwa ngati nkhaniyo yatsimikizika kapena ikadali pa zokambirana. Kuno ambiri chilankhulo chawo cha pakhomo ndi Chiyao, ndipo alipo ena omwe kuwerenga kumawavuta koma sanganene pagulu. Choncho woyang'anira asonkhanitse anthu m'mawa umodzi, awerenge chidziwitso chonse mokweza, ndipo wina wodziwa bwino Chiyao abwereze nthawi ndi masiku. Alonda a usiku sakhalapo pa msonkhano wotere, ndiye muwapeze paokha.

Musanamate, chiyeseni pa munthu mmodzi yemwe sadakhale nawo pa zokambirana. Mupatseni pepalalo, awerenge kamodzi, mulitenge, ndipo mumufunse kuti Lachisanu aziweruka nthawi yanji ndiponso ngati malipiro ake asintha. Musamufunse kuti "Mwamva?", chifukwa mwaulemu adzayankha kuti inde bwana. Akalephera kuyankha, kapena akayamba ndi "ndiye kuti mwina", bwererani mukakonze mzere umenewo.

Pomaliza, matani pamalo omwe aliyense amadutsa, monga pafupi ndi buku losaina polowa, ndipo chotsani pepala la nthawi yakale kuti pasakhale mapepala awiri otsutsana. Ngati muli ndi gulu la pa WhatsApp, tumizani chithunzi cha pepala losainidwalo m'malo molembanso mawu ena, popeza polemba kawiri m'pamene 3:30 imasanduka 3:00. Aliyense wokhudzidwa alandire kope lake ndipo asaine pa mndandanda wa dzina ndi deti, wosasaina adinde chala. Muwauze momveka kuti kusainako kukungosonyeza kuti alandira chidziwitso, pomwe kuvomereza kusintha kwa kontirakiti kuli ndi kalata yake. Amene ali pa tchuthi kapena akudwala muwaimbire foni, ndipo mulembe pa mndandandawo tsiku lomwe mwawauza, kuti asadzafike 7:30 pa 6 Okutobala n'kulembedwa kuti achedwa.