Nthawi yathu awiri imathera kwa ana

"Ana awiri ang'onoang'ono, tonse timaweruka mochedwa, tikamagona tatopa kale. Tingapeze bwanji kanthawi kathu?"

Yambani ndi nthawi yogona ana, ikhale imodzi tsiku lililonse, mwina 8 koloko. Sabata yoyamba adzalira, musagonje. Kenako sankhani masiku awiri okha, tinene Lachiwiri ndi Lachisanu, mphindi 30 ana akagona, mafoni muwasiye kuchipinda china. Ntchito muzigawana, wina akusambitsa ana wina akutsuka mbale, apo ayi mmodzi amafika pampando ali wotheratu nkuyamba kusinza. Za mabilu ndi sukulu zipatseni tsiku lake, zimenezo ndiye zimadya kanthawiko. Mwana akadwala musafufute, sunthani kukhala mawa lake pompo. Mukaona mwasuntha kawiri motsatizana ndiye kuti tsikulo silikuyenda, sinthani.