Momwe mungakonzere kalata ya pa imelo ya mwezi ndi mwezi ya sitolo ya zipangizo zaulimi

Sitolo yathu ili pa Boma pano, timagulitsa mbewu, feteleza, mankhwala a mbewu ndi a ziweto, makasu ndi makeni othirira. Ndakhala ndikutumiza kalata ya pa imelo kamodzi pamwezi kwa zaka zingapo tsopano, ndipo anzanga ogulitsa zipangizo amandifunsa kuti, "Kodi alimi a ku Mangochi kuno imelo akaipeza kuti?" Funso lake ndi loona. Mayi wolima ekala imodzi ku Katuli sawerenga imelo. Koma mlembi wa kalabu yawo ali nayo, mlangizi ali nayo, mphunzitsi wamkulu amene amayang'anira munda wa sukulu ali nayo, eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amene amalima ndiwo zamasamba ali nayo. Ndipo pali gulu lina limene sindinaliganizire poyamba: anyamata a kuno amene ali ku Joni, omwe amatumiza ndalama za feteleza kwa makolo awo ndipo amafuna kudziwa mtengo weniweni asanatumize. Kalata yanga ndimalembera anthu amenewa. Ndi ochepa, koma aliyense wa iwo amagulira anthu ambiri.

Choyamba, sonkhanitsani mayina. Ine ndinaika kope pa kauntala, ndipo aliyense wogula zambiri ndimamufunsa ngati angakonde kulandira mitengo mwezi uliwonse. Akavomera amalemba yekha imelo yake, dera lake ndi zomwe amalima. Dera musalisiye. Wa ku Namwera, kumtunda kozizirako, salima zofanana ndi wa ku Mpondasi kapena ku Malindi kotentha. Pali anyamata ena amayendayenda ndi mndandanda wa maimelo masauzande pa fulashi, amati mugule. Musawapatse ngakhale tambala. Theka la maimelowo ndi akufa, ndipo eni ake enawo sakukudziwani, angokuponyani mu Spam, mapeto ake kalata zanu zileka kufika ngakhale kwa makasitomala anu enieni.

Chachiwiri, musanalembe kalata yoyamba, jambulani chaka chonse pa pepala limodzi. Lamulo lake ndi lakuti kalata izitsogolera munda ndi mwezi umodzi. Mlimi afunika nthawi yopeza ndalama, kalabu ifunika nthawi yokumana ndi kusonkherana. Nkhani ya yureya mukailemba mu Januwale mwachedwa, chifukwa wothira kachiwiri amathira patatha masabata atatu chimanga chitamera, ndiye amene anadzala ndi mvula ya Disembala anathira kale kapena walephera kale.

Pepala langa limayenda chonchi. Kalata ya Sepitembala ndi ya Okutobala ndi za mbewu ndi feteleza wokulitsa. Kuno kunyanja mvula imatha msanga, choncho ndimatsindika mbewu za chimanga zocha msanga monga Kanyani, ndi kukumbutsa kuti podzala imodziimodzi, mizere yotalikana masentimita 75 ndi mapando masentimita 25, ekala imodzi imadya makilogalamu 10 a mbewu. Ya Novembala ndi ya yureya. Ya Disembala ndi ya Januwale ndi za mbozi zija zimalowa mu nsonga ya chimanga. Ya Febuluwale imakhala yopyapyala, anthu m'matumba mulibe kanthu, ndiye ndimangolemba malangizo osawakakamiza kugula. Ya Malichi ndi ya Epulo ndi za kusunga zokolola, mankhwala a anankafumbwe ndi matumba a PICS. Kuyambira Meyi ndi za kudimba: tomato, anyezi, mpiru, repu. Ya Julayi ndi ya katemera wa chitopa, chifukwa nkhuku zimayamba kugwa kukamatentha ndipo katemera sachiza nkhuku yomwe yadwala kale. Mukakhala ndi pepalali, tsiku lolemba simukhala mukukanda mutu.

Chachitatu, sankhani zigawo ndipo musamazisinthe. Zanga ndi zinayi. Pamwamba pamakhala "Kumunda mwezi ukubwerawu", ndime imodzi kapena ziwiri za ntchito imodzi yokha. Kenako "Zomwe zilipo ndi mitengo". Kenako "Funso la pa kauntala", pomwe ndimayankha funso lomwe anthu andifunsa kwambiri mwezi umenewo, monga chifukwa chake masamba a tomato akupiringizika, osatchula amene anafunsa. Pomaliza ndi zidziwitso: nambala ya foni, Mpamba ndi Airtel Money, tsiku lomwe galimoto yathu ipite ku Namwera, komanso kuti Lachisanu masana timatseka kaye anyamata akapemphere ku mzikiti. Munthu akazolowera, amadziwa pomwe chimene akufuna chili. Ambiri amathamangira ku mitengo basi, zinazo amawerenga akakhala pa minibasi.

Pa mitengo pomwepa ndi pomwe ndinapsa, ndiye mundilole ndifotokoze bwino.

Lolemba pa 6 Novembala 2023 ndinatumiza kalata ya yureya. M'sitolo munali matumba 12 okha. Koma Loweruka lake ndinali nditalankhula pa foni ndi munthu wina amene ankandibweretsera katundu kuchokera ku Blantyre, ndipo anandilumbirira kuti matumba 100 afika Lachitatu pa mtengo womwe tinagwirizana. "Bwana, osadandaula, lole ikupakira," anatero. Ine ndinalemba mu kalata kuti yureya alipo wambiri, ndi mtengo wake, popanda tsiku, popanda chenjezo lililonse. Sabata yomweyo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Foni ya munthu uja inayamba kungoitana. Atayankha Lachisanu anati katundu alipo koma mtengo ndi wina, ndipo ndikafuna ndilipire zonse kaye. Ndinamva pambuyo pake kuti lole ija sinapakirepo chilichonse, ankangodikira kuti aone kumene mphepo ikulowera.

Lolemba lotsatira ndikutsegula sitolo ndinapeza anthu atatu atakhala pa khonde, fumbi mpaka m'nsidze. Anali a kalabu ina ya ku Makanjira. Anasonkherana ndalama za matumba 40 potengera mtengo wa mu kalata yanga, anachita hayala galimoto, anayenda msewu uja wa makilomita pafupifupi 100 kuyambira mbandakucha. Mlembi wawo, bambo wachikulire, anatulutsa foni yosweka galasi, natsegula kalata ija, naloza ndi chala.

"Achimwene, analemba apa ndani?"

"Ndine, bambo."

"Nanga ife tikawauza chiyani anthu kumudzi?"

Ndinawagulitsa matumba 12 aja pa mtengo wa mu kalata, podziwa kuti ndalama imeneyo singandigulire ena 12, ndipo ndinawathirirako mafuta obwerera. Matumba 28 otsalawo sanawapeze kwa ine. Kalabu imeneyo inatenga chaka chathunthu isanapondenso pa sitolo yanga.

Kuyambira pamenepo chigawo cha mitengo chili ndi malamulo ake. Ndimalemba zokhazo zomwe ndazigwira ndi manja m'sitolo m'mawa wa tsiku lotumiza, ndi kuchuluka kwake: matumba 35, mapaketi 60 a makilogalamu 2. Katundu wa pa foni salowa mu kalata, ngakhale wolonjezayo akhale m'bale wanga. Pamwamba pa mitengo pamakhala mzere uwu mwezi uliwonse: "Mitengo iyi ndi ya lero, pa 3, ndipo ingasinthe. Ochokera kutali imbani kaye musananyamuke." Deti lokha ndi lomwe limasintha. Kalabu ikaimba, ndimaisungira katunduyo masiku atatu ikatumiza kachikole pa foni. Ndipo sindilemba katundu yense wa m'sitolo, ndimasankha zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za nyengo imeneyo. Mndandanda wautali umangochulukitsa malo olakwitsa.

Chinanso pomwepa: chilichonse chomwe mwachilemba mu kalata mwachiikira umboni ndi dzina lanu. Ikamayandikira mvula kumabwera anthu ndi mbewu yotchipa m'mapaketi ooneka bwino, koma mkati ndi chimanga cha pa msika chopakidwa utoto. Enanso amabwera ndi mankhwala a mbozi m'mabotolo opanda chizindikiro, amati achokera ku Mozambique. Phindu lake limakopa, koma mukazilengeza kwa alembi a makalabu 50, zikapanda kumera adzabwera onse 50.

Chachinayi ndi tsiku. Langa ndi Lolemba loyamba la mwezi, 7 koloko m'mawa, chifukwa apantchito amakhala atangolandira ndipo makalabu ambiri sanakumane. Lachinayi la sabata yapitayo ndimalemba chigawo cha kumunda ndi funso la pa kauntala. Loweruka ndimawerengetsa mkazi wanga, iye ndi amene amagwira mawu olakwika. Mitengo yokha ndi yomwe imadikira Lolemba, ndimalawirira kuwerenga matumba. Poyamba ndinkaika kalata yonse pa Schedule send Loweruka kuti idzapite yokha Lolemba, koma mwaona kale chifukwa chomwe ndinasiyira. Mwezi womwe mulibe nkhani, tumizanibe, ngakhale mizere khumi. Mukadumpha Febuluwale, Malichi mudumphanso.

Mutu wa kalata uzinena za mkati. "Kalata ya Okutobala" palibe amene amaitsegula. "Okutobala: Kanyani wafika, mitengo ya NPK" amatsegula ngakhale ali pa njinga ya kabaza.

Za kutumiza sindichulutsa. Ngati anthu anu sanakwane 100, Gmail yomweyo ikwanira, malire ake ndi anthu 500 pa tsiku. Maimelo onse aikeni pa Bcc, osati pa Cc, apo ayi aliyense aona imelo ya mnzake ndipo wina ayamba kutsatsa nkhunda zake kwa gulu lonse. Akachuluka samukirani ku Brevo, webusaiti yotumizira maimelo kwa anthu ambiri, yaulere imalola maimelo 300 pa tsiku ndipo imadziikira yokha pomwe munthu angadine akafuna kusiya kulandira. Pa Gmail lembani nokha pansi kuti wofuna kusiya ayankhe kuti "ndichotseni", ndipo mumuchotsedi tsiku lomwelo. Chithunzi chimodzi chaching'ono chikwanira, kapena osaika n'komwe. Bandulo ndi yodula ndipo netiweki ya kutsidya kwa nyanja mukuidziwa. Dzitumizireni nokha kaye, muione pa foni, osati pa kompyuta.

Ikapita, koperani chigawo cha mitengo ndi mzere wa chenjezo uja n'kuziika pa WhatsApp, chifukwa alembi adzaitumiza kumeneko ndithu, ndipo ndi bwino ipite ndi deti lake. Za Chiyao, ndime ya kumunda amandimasulira mnyamata wa m'sitolo pa mawu ojambula a mphindi imodzi. Kuti mudziwe ngati kalata ikugwira ntchito, ikani kachizindikiro mu kope lija munthu akanena kuti "ndinaona mu kalata". Mwezi watha ndinawerenga zizindikiro 9, zinayi mwa izo zinali za ana a ku Joni olipirira makolo awo.