Chithunzi chatuluka chachimbuuzi? Werengani manambala atatu a pa sikirini ya kamera

Musathamangire kufufuta chithunzi choipacho, chifukwa kamera imasunga manambala amene inagwiritsa ntchito pochijambula. Chitsegulereni pa kamera pomwepo, kenako dinani INFO ngati ndi Canon, kapena DISP ngati ndi Sony, mpaka manambala aoneke. Pa Nikon, dinani batani la mivi chokweza kapena chotsitsa. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp sichithandiza, manambalawo amakhala atachotsedwa.

Titenge chithunzi cha kwaya ikuvina mu tchalitchi pa ukwati, chojambulidwa ndi lenzi ija imabwera ndi kamera, ya 18-55mm, itakokedwa mpaka pa 55. Sikirini ikuonetsa izi:

```
1/30   F5.6   ISO 400
```

Choyamba kulitsani chithunzicho muone mtundu wa chimbuuzicho. Ngati zonse zakwekwereka, mpaka zipilala ndi mabenchi omwe, ndiye kuti dzanja lanu linagwedera. Ngati mabenchi akuoneka bwino koma manja ndi nkhope za oyimba zapakika, anasuntha ndi anthuwo. Ngati palibe chokwekwereka, koma khoma lakumbuyo ndi lomwe likuoneka bwino kuposa anthu, kamera inalunjika polakwika, ndipo manambala alibe mlandu.

Nambala yoyamba, 1/30, ndi nthawi imene shata, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, inakhala yotsegula: sekondi imodzi kuigawa ka 30. Kwa munthu wovina nthawi imeneyi ndi yaitali, dzanja limakhala litayenda kale. Poyang'anira ndi diso paja makamera ambiri amangolemba 30, koma mukaona 30" ndi timizere tiwiri, amenewo ndi masekondi 30 athunthu. Kuti dzanja lanu lisaononge, nambala ya pansiyo iziposa kutalika kwa lenzi, ndipo pa makamera ang'onoang'onowa lenzi ya 55 imafuna pafupifupi 1/100. Ovina amafuna 1/250 kapena kufulumira kuposa apo. Kaswitchi ka pa lenzi kolembedwa IS kapena VR kamachepetsa kugwedera kwa dzanja lanu lokha, sikaimitsa kwaya.

F5.6 ndi kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, ndipo nambala ikakula bowo limachepa. Lenzi iyi yalembedwa 3.5-5.6, kutanthauza kuti F3.5 imapezeka pa 18 pokha. Mukakokera pa 55 ikana kutsika pa 5.6, ndiye apa palibe chosintha, kupatula kuyandikira ndi miyendo n'kubweza lenzi cha ku 18.

Yatsala ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala, ndipo apa ndi pamene ine ndinavutikira. Kamera yanga ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito, ISO ili pa AUTO, koma zithunzi zonse zam'nyumba zimangoti ISO 400, kukhale mdima wotani. Mwini wake woyamba anali ataika malire mu menyu. ISO ikagunda malirewo ndipo bowo latseguka lonse, kamera imangotsala ndi njira imodzi, kuchedwetsa shata, ndiye imatero osakuuzani. Chizindikiro chake n'chakuti pa zithunzi zingapo zotsatizana ISO ndi imodzimodzi, pamene shata ikutsika: 1/40, 1/30, 1/15. Pa Canon zing'onozing'ono fufuzani ISO Auto, pamene palembedwa Max.:400. Pa Nikon ndi Maximum sensitivity. Kwezani pafike 3200.

Chifukwa chake 3200 n'chiyani? Kuchoka pa 1/30 kufika pa 1/250 ndi masitepe atatu: 1/60, 1/125, 1/250, ndipo sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka. Kuti chithunzi chisade, ISO ikwerenso masitepe atatu: 800, 1600, 3200. Sikirini iziwerengeka chonchi:

```
1/250   F5.6   ISO 3200
```

Chithunzi chidzakhala ndi timadontho ngati mchenga, makamaka pa masuti akuda. Kwa ine bola timadontho, popeza pa kompyuta timachepetseka, koma nkhope ya mkwatibwi ikapakika yapita.

Amene muli ndi kangachepe, gulani lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ili m'gulu la zotsika mtengo. Kuchoka pa F5.6 kufika pa F2 ndi masitepe atatu omwewo, ndiye 1/250 itheka ISO ili pa 400. Vuto lake, pa F2 mzere umene kamera yalunjikapo wokha ndi umene uoneke bwino. Mukamagula ya kaunjika, iunikeni ndi tochi ya foni, mukaona timaulusi ngati ukonde wa kangaude mkati, ndi nkhungu, isiyeni ngakhale wogulitsa alumbire kuti ipukutika. Timagalasi totchipa timene amakukakamizani kuti mumangire kutsogolo kwa lenzi natonso timabweretsa chifunga poyang'anizana ndi zenera.

Tsiku la ukwatilo, ingoikani gudumu la pamwamba pa Tv ngati ndi Canon, kapena pa S kwa enawa, sankhani 1/250, ISO muisiye pa AUTO. Jambulani chimodzi choyesera kwaya isanayambe. Nambala ya F ikamaphethira, kuwala kwachepabe, ndiye tsitsani pa 1/160 n'kumadikira pamene ovina aima pang'ono.