Foni ikagwera m'madzi: zimitsani, musachaje, musaike mu mpunga

Cotsani foni m'madzi ndipo muizimitse nthawi yomweyo, ngakhale ioneke ngati ikugwira bwino nchito. Cimene cimapha foni msanga ndi magetsi a batiri amene amadutsa m'tinjira tonyowa ta mkati, ndipo pambuyo pake dzimbiri limayamba kudya tizitsulo. N'cifukwa cake simuyenera kuiyatsa "kuti muone cabe ngati iri moyo", kapena kuilumikiza ku chaja.

Tinene kuti yagwera m'ndowa ya madzi ocapira zovala. Mukaizimitsa, vulani kava, cotsani SIM ndi memori khadi, komanso batiri ngati ndi locotseka. Pukutani kunja ndi nsalu yofewa, youma. Kenako igwireni kuti pobaya chaja payang'ane pansi, muigogode pang'onopang'ono pacikhatho kuti madontho atuluke. Musaikutumule mwamphamvu, musapuzire ndi pakamwa, ndipo musalowetse thonje kapena pepala m'kabowoko. Isiyeni pamthunzi pouma, popita mphepo. Fani yoomba mphepo yozizira imathandiza. Dzuwa, mbaula ndi coumitsira tsitsi n'zoopsa, pakuti kutentha kumawononga batiri ndi kusungunula guluu wogwira sikirini. Musanaiyatsenso, yembekezani maola 24 osacepera, ndipo masiku awiri ndi abwino koposa.

Ambiri amakwirira foni yonyowa mu mpunga poyembekeza kuti uyamwa madziwo, koma ciyembekezo cimeneci cataitsa anthu mafoni amene akanapulumuka. Mpunga wosaphika umayamwa cinyezi ca mumpweya pang'ono, ndiponso mocedwa. Sungakoke madzi amene ali pansi pa sikirini kapena pabolodi la mkati lokhala ndi tinjira ta magetsi, ndipo foni yokwiriridwa m'thumba sipitidwa mphepo. Fumbi ndi tizidutswa ta mpunga zimalowa pobaya chaja ndi m'sipika. Kampani ya Apple nayo imaletsa kuika iPhone mu mpunga cifukwa ca tizidutswa timeneti. Mafoni amene anthu amati anacira mu mpunga anauma cifukwa anakhala ozima nthawi yaitali.

Kuuma pakokha sikucotsa zonse. Madzi a sopo, a mcere kapena cakumwa ca shuga akauma amasiya zotsalira, ndipo dzimbiri limapitiriza. Foni ya m'ndowa ija iyenera kupita kwa wokonza mafoni tsiku lomwelo, kuti aitsegule, amasule batiri, atsuke bolodi ndi sipiriti yochedwa aisopuropilo. Muuzeni zoona za madzi amene inagweramo. Mafoni ambiri ali ndi kacizindikiro koyera, kawirikawiri mkati molowa SIM, kamene kamafiira kakanyowa.

Foni yolembedwa IP67 inayesedwa m'madzi oyera a mita 1 kwa mphindi 30 iri yatsopano. Ikakhala yong'aluka kapena yotsegulidwapo, musadalire citetezo cimeneco.

Mukayatsa n'kuona nkhungu m'galasi la kamera, mizere pasikirini kapena mawu osamveka bwino, zimitsaninso, cifukwa madzi akalimo. Foni ikatentha yokha kapena kumbuyo kukatupa, musaichajenso. Iikeni kutali ndi zinthu zogwira moto mpaka wokonza aione.